Mmene ndinatsekera pakamwa a Saidi

Ndikakumbukira a Saidi, ndimamva fungo la mafuta a makina osokera losakanikirana ndi utsi wa parafini kuseri kwa nyumba ku Alexandra, kumene tinkachita lendi zipinda zoyandikana. Anali telala wa ku Mangochi, nkhalamba yolongolola kuposa wailesi. Ine ndinabadwira ku Joni konkuno, Chizulu ndimachilankhula ngati mwini wake, ndipo bodza ndinali nalo luso: ndinauzapo aphunzitsi kuti amayi agonekedwa m'chipatala, iwo ali phee akuchapa.

Tsiku lina kunabwera anyamata anayi ndi zibonga, akusaka alendo khomo ndi khomo. Anapeza a Saidi akusoka panja. Ndinadziwa kuti akangoyankha, lilime liwagulitsa. Ndinathamangira kutsogolo n'kunena m'Chizulu kuti awa ndi agogo anga a ku Limpopo, sitiroko inawalanda mawu. Ndinaliranso pang'ono, misozi yeniyeni. Anyamata aja anapita.

Vuto linali lakuti anyamatawo ankakhala kumtunda kwa msewu wathu womwewo, ankadutsa tsiku lililonse. A Saidi analowetsa makina m'chipinda. Kumsewu sankapatsanso munthu moni, kusitolo ankaloza buledi ndi chala, ndipo ana anayamba kuwayeserera.

Mnzanga Amina, mdzukulu wawo, anandipeza pampopi.

"Wawakwirira agogo ali moyo, iwe."

"Akanakhala ali kumanda enieni. Unaziona zibonga zija?"

"Bodza ndi bodza. Unawafunsa?"

"Ndiwafunse nthawi yanji? Ndinene kuti dikirani kaye achimwene, tikambirane?"

"Iwe unanama kamodzi n'kupita kukasewera. Iwo akunama tsiku lililonse, m'mawa mpaka madzulo."

"Nanga ukanakhala iwe ukanati chiyani?"

"Ndikanakhala chete."

"Eya, ukanakhala chete, iwo n'kuyankha Chizulu chawo chopindika chija. Bwenzi pano tikusonkha za bokosi."

Amina ananyamula ndowa yake isanadzaze.

A Saidi anapirira miyezi iwiri. Lachisanu lina akuchokera kumzikiti, mmodzi wa anyamata aja anawavula kofia n'kuyamba kuvina nayo. A Saidi anamuuza mokweza, m'Chichewa, kuti, "Bweza chipewa changa, mwana wopanda mwambo!"

Mawa lake anabwera onse anayi. Makina anawaphwanyira pamsewu, a Saidi anathyoledwa dzanja, ine ndinalandira mbama yomwe khutu lakumanzereli likuikumbukirabe.

Atachira, a Saidi anakwera basi ya kumudzi. Potsanzikana anandiyang'ana nthawi yayitali. "Mwanawe, unandithandiza," anatero, "koma usadzandithandizenso."

Amina sandilankhula mpaka lero. Akufuna ndipepese. Ndipepese chiyani? Atabweranso anyamata aja ndinganamenso, mokoma kuposa poyamba. Chimene ndinaphunzira n'chakuti bodza ulisankhe loti mwini wake angathe kulisenza. Ndikanangoti ndi ogontha khutu limodzi.