Chitsulo Chachinayi

Mkazi wa mmisiri wina womanga nyumba salipidwa, koma kwa zaka khumi palibe bimu, kapena kuti mtanda wa nyumba, imene mwamuna wake anathira konkire isanadutse pathebulo lake. Amalemba mzere ndi mzere: kukula kwa chitsulo, mapindidwe, utali ndi chiwerengero.

M'mawa wina lole yokatenga zitsulo inali ikulira kale pageti. Mwini nyumba anali atanenetsa kuti mawa konkire ikapanda kuthiridwa, apeza mmisiri wina. Bambo mmisiriyo ankangolowa ndi kutuluka, foni ili m'manja. Mayiyo anasiya kuchapa m'beseni, napukuta thovu la sopo, nakoka pepala la mwamuna wake.

Bimuyo inkafuna zitsulo zinayi, ziwiri pansi ziwiri pamwamba, chilichonse mamita 7 kuphatikiza zopinda za kumapeto.

"Ndawerenga kale, mayi," anatero bamboyo. "Zonse pamodzi mamita 28. Kusitolo chimodzi n'chamamita 12. Zitatu zikwana, mpaka kutsala."

"Inu bambo, pa 12 mukadulapo 7 patsala zingati?"

"Faifi."

"Ndiye chachinayicho mudula pati? Kapena muchikoka ngati lasitiki?"

"Tilumikiza zotsalazo."

"Pulani yakana zolumikiza. Onani apa."

Hutala ya lole inalira kawiri. Bamboyo anakanda m'mutu, milomo ikuyenda, kenako anafufuta 3 n'kulemba 4. Anathamanga nalo pepala lija, nsapato imodzi yosamanga.

Mayiyo anamva pawindo akuuza dalaivala mokweza kuti, "Zinayi, achimwene! Mwamwayi ndaziona msanga."

Anabwerera kubeseni. Madzi anali atazizira, ndipo ovololo ya bamboyo inali idakali ndi simenti m'mawondo.