Machubu a Faines

Ndimagulitsa tomato pa Chezi moyandikana ndi Faines, mayi wamtali wamawu ngati belu la tchalitchi. Mwamuna wake Obadiya Phiri anali mkamwini wochokera ku Ntchisi, wofatsa mpaka kukwiyitsa.

Atangokwatirana Faines anapita padera, nadwala m'mimba ndi kutentha thupi, koma anangomwa mizu mpaka kupeza bwino. Mimba ina sinabwerenso. Azakhali ake anagamula msanga: mwana wathu amasamba mwezi ndi mwezi, vuto ndi mkamwiniyu. Anyamata ankamutcha gojo, iye n'kumangoweramira khasu.

Kenaka azakhaliwo anabweretsa fisi, mwamuna wobwerekedwa mobisa kuti apereke mimba. Faines, mayi wa Mvano, analira koma anavomera, poti ankafuna kusunga banja. Obadiya anakagona kwa mnzake. Mimba osaoneka, koma nkhani inafika kwa akulu ampingo, ndipo Faines anavula yunifolomu.

Faines yemweyo ndiye anakokera mwamuna wake kuchipatala ku Lilongwe, kuti akamuchize. Achipatala anayeza umuna wa Obadiya, unali bwinobwino. Ndiye anauza Faines kuti abwerenso akangomaliza kusamba. Anamuthira mankhwala amadzi m'chiberekero kudzera kumusi, akujambula pa ekisire. Akuti m'mimba munapota ngati msambo wowawa.

Dokotala anawaonetsa chithunzi. "Mayi, chiberekero ndi ichi. Uku ndi uku kuli machubu awiri. Dzira likatuluka limalowa m'chubu, limakumana ndi umuna momwemo, n'kutsikira m'chiberekero. Machubu akakhala otseguka, mankhwalawa amadutsa n'kutayikira kumapeto. Koma kwa inu mankhwalawa aima panjira, mbali zonse ziwiri."

"Koma ine ndimasamba, adokotala," anatero Faines.

"Kusamba kumachokera m'chiberekero, sikudutsa m'machubu. Matenda ngati amene munadwala mutapita padera amatha kusiya zipsera, njira n'kutsekeka."

Anati machubuwo anaonongeka kwambiri, opaleshoni singathandize kwenikweni. Njira yotsala ndi yokumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi, koma imeneyo si ya ogulitsa tomato.

Zimandipsetsa mtima mpaka lero. Fisi uja akanabwera ngakhale ndi abale ake onse, palibe chikanachitika.

Faines anandiuza kuti m'minibasi pobwerera, atadutsa pa Lumbadzi, anamva Obadiya akuimba nyimbo yakwaya chapansipansi. Chikwatirane anali asanamumvepo akuimba. Obadiya sanam'nyoze, sanatchule za fisi. Fodya atagulitsidwa anatsanzika kwa ankhoswe mwaulemu, namanga khasu ndi wailesi panjinga.

Mwezi watha anatsika pa Chezi ndi mkazi wobereka khanda kumbuyo. Anafuna kudutsa mozemba, koma Faines anamuitana.

"Aphiri, tabwerani naye ndimuone."

Anavundukula kansalu, nayang'ana kankhopeko nthawi yaitali.

"Mphuno ndi yanu ndithu," anatero. "Pepani, tinakulakwirani."