Dzina la Atate Anga Pansi pa Tipeksi

Dipuloma yanga ya uphunzitsi imakhala m'sutikesi, pansi pa zitenje. Sindiipachika pakhoma, ndipo ndikaiona mpaka lero ndimachita nseru.

Ndinailandira ndisanakwatiwe, choncho inalembedwa dzina la atate anga. Iwo anali mlimi wa ku Kasenengwa, osadziwa kuwerenga, koma dzina lawo likalembedwa ankalizindikira. Tsiku limene ndinafika nayo kumudzi anapukuta manja pa buluku, naika chala pa dzinalo, nati, "Ili ndi langa ili." Dzinja lotsatira tinawaika m'manda.

Ndinakwatiwa m'banja la anthu a ku mishoni, aphunzitsi ndi makalaliki okhaokha, amene ngakhale popempha mchere amayankhula ngati akuwerenga kalata. Ukwati utangotha anandiuza kuti mkazi wa pabanja lawo sayenda ndi dzina la kwawo. Ndinapita ku boma ndi satifiketi ya ukwati, ndipo reji yanga, chitupa chija cha unzika, inatuluka ndi dzina la amuna anga. Dipuloma inatsala ndi dzina lakale. Zaka zinapita popanda wondifunsa kanthu.

Funso linabwera pamene mpando wa siniya titcha unatseguka pasukulu pathu. Ntchitoyo ndinali nditaigwirizira nthawi yaitali, ndipo ahedi anali atandilembera kale kalata yondivomereza. Ku ofesi ya maphunziro ankafuna makope a mapepala anga, odindidwa kuti ndi ofanana ndi enieni, pasanadutse Lachisanu. Mayi amene ankalandira mapepalawo anayang'ana reji, nayang'ana dipuloma.

"Madamu, apa pali anthu awiri," anatero. "Koma si vuto. Dipuloma siisintha chifukwa cha ukwati, imakhala mmene inalembedwera. Pitani kwa wolumbiritsa mukapange afidaviti yonena kuti maina awiriwa ndi a munthu mmodzi. Muphatikize ndi satifiketi ya ukwati, basi. Izi munayenera kupanga tsiku lomwe munasintha reji, osadikira kuti mufunsidwe."

Sabata imeneyo apongozi anga aamuna anali kwathu ku Kapata, atabwera kudzaonetsa maso kuchipatala. Anali kalaliki wopuma ntchito, ndipo makina awo akale otaipira ankasungidwa kwathu, pamwamba pa kabati. Madzulo ndikufotokozera amuna anga za ku ofesi, apongoziwo anali pampando, akumva zonse.

"Ndiye kuti pepalalo likali ndi dzina la kwanu?" anandifunsa.

"Inde, adadi. Koma akuti afidaviti ikwanira."

"Ng'ombe tinapereka," anatero, osandiyang'ana. Ine ndinangobwezera mapepala anga mu envulopu, poti mpongozi sabweza mawu.

M'mawa mwake ndinapita kusukulu, nditasiya envulopu ya mapepala pa kabati kuti masana ndidzaitenge popita kwa wolumbiritsa. Pobwerako ndinamva fungo la tipeksi ndisanalowe n'komwe, utoto woyera uja wofufutira zilembo. Apongozi anali pakhonde, atavala tayi, makina ali patebulo. Dipuloma yanga inali pa mpanda wa khonde, itatsamiritsidwa ndi mwala, ikuuma padzuwa ngati chigwada.

Dzina la atate anga linali litapakidwa loyera. Pamwamba pake panali dzina la apongozi anga, lotaipidwa, zilembo zina zitakwera, zina zitatsika. Pepala lolimba lija linali litapindika chifukwa cholikakamiza kulowa m'makina.

"Ndakukonzerani, mai," anatero monyadira. "Tsopano zagwirizana ndi reji. Ife ku boma zotere tinkamaliza tiyi asanazizire."

Ndinagwada, poti ndi mmene ndinaleredwera. Chimene chimandinyansa kwambiri ndi chimenecho: munthu wandiwonongera chinthu changa, ine ndili chogwada pa simenti, ndikufunafuna mawu aulemu. Ndinangoti, "Adadi, izi sizololedwa." Iwo anaseka, nati ana a masiku ano timaopa mapepala ngati njoka.

Ndinapitabe kwa wolumbiritsa, poti munthu ukathedwa nzeru umayesa ngakhale chimene ukudziwa kuti sichitheka. Afidaviti anandilumbiritsa bwinobwino, osavuta. Koma nditatulutsa dipuloma kuti adinde kope lake, anaikweza kuwindo. Dzina la atate anga linaonekera pansi pa utoto, lonse lathunthu.

"Wachita izi ndani?" anafunsa.

"Apongozi anga."

"Mai, kusiyana kwa maina si mlandu, pepala limodzi limakonza. Koma satifiketi yofufutidwa ndi nkhani ina. Ine sindingadinde. Mukaipereka kwinakwake mmene ililimu, adzati ndi yabodza, ndipo mutha kukafotokozera kupolisi. Lemberani ku koleji kwanu akupatseni kalata yotsimikiza kuti munaphunzira kumeneko, pamodzi ndi zotsatira za mayeso."

Ndinalemba, ndinaimba foni, ndinachonderera. A ku koleji sanakane, koma anati ayambe afufuza m'mafaelo awo, ndipo wosaina anali atachokapo. Lachisanu linafika n'kudutsa. Mayi wa ku ofesi uja anandimvera chisoni, koma faelo yopanda dipuloma sakanaitumiza. Kalata ya ku koleji inafika mpando utapita kale kwa mphunzitsi wina, amene ine ndemwe ndinamuonetsa kalembedwe ka sikimu, ndondomeko ya zophunzitsa pa teremu, atangofika kumene.

Amuna anga ndiye anandiwonjezera nseru. Ndinkayembekeza kuti akayankhula ndi bambo awo, koma anangoti, "Amake mwana, adadi amafuna kuthandiza. Ndi akale, sadziwa za maafidaviti. Madzi akatayika saoleka." Mwambi ndi wabwino, koma umakoma pakamwa pa amene madziwo si ake. Apongozi sanapepese. Kutchalitchi ankauza anzawo kuti maofesi a masiku ano adzaza ana osadziwa ntchito.

Ndinayesetsa kukhulupirira zimene amuna anga ananena. Ndinkadziuza kuti nkhalamba inalakwitsa chifukwa cha umbuli, ndipo umbuli umakhululukidwa. Ndinapitiriza kuwaphikira, kuwachapira malaya, kuwaperekeza kuchipatala. Kulikonse kumene ndikufunsira kanthu ndimanyamula mtolo: reji, satifiketi ya ukwati, afidaviti, kalata ya ku koleji, ndi nkhani yoti ndifotokoze kwa munthu wosandidziwa, amene amandiyang'ana ngati wakuba.

Kenaka mlamu wanga, chitsiriza wawo, anamaliza maphunziro a unamwino, napeza mwamuna. Banja lonse linasonkhana kwathu kukambirana za ukwati. Chakudya chitapsa ndinatenga beseni ndi jagi, n'kugwada pamaso pa apongozi kuti ndiwasambitse m'manja. Ndinathira madzi pang'ono, iwo napaka sopo, uku akulangiza mwana wawo amene anakhala pamkeka.

"Iwe, mvetsetsa," anatero. "Reji ukafuna sintha, ndi zako ndi mwamuna wako. Ukatero upange afidaviti nthawi yomweyo, uisunge pamodzi ndi satifiketi ya ukwati. Koma mapepala ako a sukulu munthu asakawagwire. Dzina lili pamenepo ndi langa. Ndinalivutikira ndine."

Anali akudziwa. Anadziwa kuyambira tsiku lija pakhonde, tayi ili pakhosi.

Ndinayang'ana amuna anga, iwo n'kuyang'ana pansi. Apongozi anatambasula manja pamwamba pa beseni, thovu likudontha, akudikira kuti ndiwatsukuluze.

"Nawonso atate anga analivutikira lawo, adadi," ndinatero.

Ndinaimirira ndi jagi yanga, madzi ali momwemo, n'kulowa kukhitchini. Ndinawasiya manja ali m'malere, sopo akuuma m'zala.