Tsiku Lobadwa Limodzi, Nambala Ziwiri

Ine ndi mlongo wanga tinabadwa mapasa, ine wamkazi kutsogolo, iye wamwamuna pambuyo. Popeza tinali tating'ono ngati ana a mbewa, akatekisita anatibatiza tsiku lomwelo poopa kuti sitigona. N'chifukwa chake m'mudzi mwathu, kufupi ndi Lifidzi, ife tinali m'gulu la anthu ochepa odziwa tsiku lawo lenileni lobadwa: 15 Malichi 1955. Ena onse ankangoti ndinabadwa chaka cha dzombe, kapena nthawi yokumba mbatatesi. Kudziwa tsiku kumeneko sikunandipindulire kanthu. Bola ndikanabadwa chaka cha dzombe.

Bambo athu anapita ku Joni ife tikukwawa, natchona. Mawu onse a pakhomo pathu anali m'manja mwa atsibweni, mchimwene wa amayi. Iwonso anakhalako ku Joni, koma anabwerako, atatenga chipewa, chifuwa chosatha, ndi luso lowerengera nambala ya njira ya moyo lomwe anaphunzira kwa kalaliki wina wa pamgodi. Ankanena kuti munthu aliyense ali ndi nambala yake yobisika m'tsiku lake lobadwa, ndipo nambalayo ndiyo imanena njira imene adzayende. Lamulungu anthu akachoka ku Misa ankapatukira kwa atsibweniwo, mozemba apadiri. Atsibweni ankalemba ndi khala pachitseko chakale chimene anachitsamiritsa kunkhokwe.

Kawerengedwe kake ndinakagwira msanga, chifukwa ine ndi masamu tinali pachibale. Umatenga tsiku, mwezi ndi chaka, chilichonse pachokha. Chikakhala ndi manambala awiri kapena anayi, umawaphatikiza mpaka itatsala imodzi. Atsibweni ankati kutsitsa. Kenaka zitatu zija umaziphatikiza, ndipo zikapitirira 9 umatsitsanso. Ndikukumbukira mkulu wina wogulitsa fodya amene anati anabadwa pa 28 Disembala 1940. Atsibweni analemba 2 ndi 8, 10; 1 ndi 0, 1. Disembala ndi mwezi wa 12. 1 ndi 2, 3. Chaka: 1, 9, 4 ndi 0 zinapanga 14, 1 ndi 4, 5. Ndiye 1 ndi 3 ndi 5, 9. Anamuuza kuti 9 ndi munthu wachifundo, wopatsa. Tonse tinayang'ana kumbali, poti mkuluyo sankapatsa ngakhale moto wa fodya.

Ambiri ankabwera ndi tsiku limene mlembi wa kuposito, ku ofesi ya boma, anangowapekera. Theka la mudzi linabadwa pa 1 Januwale. Atsibweni zimenezo analibe nazo ntchito, bola nkhuku kapena mbale ya nyemba yafika.

Panali lamulo limodzi limene ankalinena mokweza chala. Manambala atatu satsitsidwa: 11, 22 ndi 33. Awo ndi manambala aakulu. Ukawapeza pamapeto, kapena pakati pomwe, monga mwezi wa Novembala kapena tsiku la 22, umachotsapo dzanja. Ankati 11, amene ankamutchula m'Chipwitikizi kuti onze, ndi wowunikira anzake, 22 ndi mmisiri womanga zazikulu, 33 ndi mphunzitsi wa aphunzitsi. Ndinawamva ndi makutu angawa, osati kamodzi, akuti: "Onze sakhudzidwa. Wotsitsa onze ndi mbuli."

Chaka chimene tinalemba mayeso a kwarta kalasi, kalasi yomaliza ya sukulu ya kumudzi, tonse awiri tinakhoza. Ndinene mosabisa: ine ndinakhoza bwino kuposa iye. Masamu ake ambiri ndinkamuchitira ndine tikuweta mbuzi, iye ali kalikiliki ndi legeni. Aporofesoro, aphunzitsi athu, anabwera okha kudzauza amayi kuti kusukulu zogonera za amishoni malo alipo, kwa anyamata ndi kwa atsikana komwe, ndipo woti wapirira kumeneko amatuluka ali mphunzitsi. Koma pakhomo panali ng'ombe imodzi yoti n'kugulitsa, ndipo ng'ombe imodzi sikanatumiza ana awiri. Mmodzi anayenera kupita, wina kutsala.

Ndinkafuna kupita. Ndinkafuna mpaka chakudya chinkandikanika. Ndikamapalira nyemba ndinkadziona nditaima kutsogolo kwa ana, choko kumanja, nsapato kuphazi.

Amayi anati nkhaniyi yawakulira, akaweruze ndi atsibweni. Atsibweni nawo anati iwo saweruza, ziweruze ndi nambala, kuti pasakhale wodandaula. Nditamva zimenezo mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinali nditadziwerengera kale pamchenga, kangapo konse. Ndinkadziwa chimene chituluke, ndipo ndinkadziwa kuti mapasa sangasiyane. Ndinkati nambala zikalephera kutilekanitsa, atsibweni adzafunsa za mayeso, ndipo pamenepo ndapambana. Nzeru za mwana.

Tinapita masana, Loweruka, kulibe anthu ena. Amayi anakhala pamphasa chapatali, ife awiri pansi pafupi ndi chitseko chija. Atsibweni anatsokomola, natola khala.

"Tiyambe ndi mwamuna," anatero.

Analemba 15, 1 ndi 5, 6. Malichi ndi mwezi wachitatu, 3, palibe chotsitsa. Chaka: 1, 9, 5 ndi 5, 20, 2 ndi 0, 2. Kenaka 6 ndi 3 ndi 2. Analemba 11 wamkulu, namuzunguliza mzere, nabwerera m'mbuyo ngati aona njoka.

"Onze!" anatero, akutembenukira kwa amayi. "Mlongo, mwana uyu si wamasewera. Uyu ndi muuni. Uyu ngwophunzitsa anthu."

Mlongo wanga anangoti kukamwa yasa.

Atsibweni anafufuta ndi chikhatho, nayambanso za ine, ngati kuti tsiku langa ndi lina. 6. 3. 2. Analemba 11, wocheperapo. Dzanja linaima pang'ono, ine ndikuliyang'ana. Kenaka pansi pake analemba 1 ndi 1, nakoka mzere, nalemba 2.

"Doisi," anatero, osandiyang'ana. "Nambala yabwino iyi. Munthu wamtendere, woyanjanitsa, wothandiza anzake. Doisi satsogola, amagwiriziza. Pakhomo popanda doisi sipakhala pakhomo."

Magazi anandithamangira kumutu. Mwana wamkazi sankayankha atsibweni ake, koma pakamwa panatseguka pokha.

"Atsibweni, onze satsitsatu."

"Ukuti chani?"

"Munanena ndinu. Munati wotsitsa onze..." Mawu otsalawo ndinawameza.

"Malizatu! Wayamba liti kundiphunzitsa ntchito yanga iwe?" Anagogoda chitseko ndi khala. "Onze aliyense ali ndi doisi pansi pake. Amene sangathe kusenza onze amakhala pa doisi. Katundu wa onze ngwolemera, si wa mwana wamkazi."

Chowawa n'chakuti theka la mawu awo linali loona. Owerenga manambalawa amanenadi kuti pansi pa 11 pali 2, ndipo ena amalemba zonse ziwiri pamodzi. Koma amatero kwa aliyense wa 11, mwamuna kaya mkazi. Doisi amene anali pansi pa ine anali pansinso pa mlongo wanga. Ndinanena zimenezo, ndikulira, mawu akudukaduka. Ndinati tinatuluka m'mimba imodzi tsiku limodzi, ndipo ndinayamba kutuluka ndine. Ndinatembenukira kwa mlongo wanga kuti anenepo kanthu, poti ankadziwa bwino amene ankamuchitira masamu. Iye anali kukanda pansi ndi chala chakuphazi. Sindimuda kwambiri pa zimenezo. Anali mwana, ndipo nyama inagwera m'mbale mwake.

"Tiyeni kunyumba," anatero amayi, akupinda mphasa.

Ng'ombe inagulidwa ndi munthu wa ku Domwe. Anagula bulangete, malaya awiri oyera, ndi sutikesi yachitsulo. Tsiku lonyamuka, sutikesiyo ndinasenza ndine mpaka kumsewu, chifukwa mwana wa sukulu sangafike thukuta lili kamukamu. Lole itafika, mlongo wanga anandinong'oneza kuti akamabwera patchuthi azidzandiphunzitsa zonse zimene waphunzira. Anayesadi tchuthi choyamba, masiku awiri. Kenaka anayamba kuyankhula Chipwitikizi chokhachokha ndi anzake, ndipo ine ndinali ndi madzi oti nditunge.

Atsibweni ndinawasungira chakukhosi zaka zingapo. Ndikawapatsa moni ndinkagwada ndithu, koma mumtima ndikuwatukwana. Pamene nkhondo inkayandikira kwathu, anthu ena akuthawira ku Dedza, chifuwa chawo chija chinakula, nagona osadzukanso. Owadwazika ndinali ine, nanga doisi si wothandiza? Tsiku lina ndikuwamwetsa phala, ndinafunsa. Ndinali nditakula, mantha atatha.

"Atsibweni, tsiku lija munalakwitsa kapena munachita dala?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanafunse kuti tsiku liti.

"Ine masamu sindilakwitsa," anatero. "Iwe ndiwe onze. Kafunse amako."

Amayi ndinawapeza kudimba akukumba mbatatesi. Sindinawapatse ndi moni womwe. Ndinawauza zimene atsibweni ananena, ndikuyembekeza kuti akana, kapena ati odwala amabwebweta. Iwo anaimika khasu, napukuta manja pansalu.

"Ndinawapempha ndine," anatero. "Ndinapita dzulo lake. Iwo anakana, amati lamulo silitero. Ndinawagwira mwendo."

"Chifukwa chiyani, amayi? Ndinakulakwirani chiyani?"

"Sunalakwe. Ukanakhala waulesi ngati mnzakoyo, ukanapita ndiwe." Anayang'ana mizere imene inatsala. "Iye atachoka, pakhomo panachoka pakamwa. Ukanachoka iwe, pakanachoka manja. Ndikanalima ndi yani?"

"Bwanji simunandiuze nokha?"

"Ukanandida. Ndinati bola ude nambala."

Ndinkafuna kukuwa kuti dimba lonse limve, ndinkafuna kuwafunsa ngati akudziwa chimene anandilanda. Koma ankadziwa, nkhope yawo inkaonetsa. Sanapepese, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo ine sindinganame kuti ndinawakhululukira. Anawerama, nazula phata lina, nakutumula dothi.

"Tenga dengu," anatero. "Mvula ikubwera."

Ndinatenga dengu.