Imelo ya Dorica wa Maovololo

Ku Nkhamenya kuno anthu amati kukampani ya fodya ija satsegula imelo ngati mulibe dzina la mbale wa bwana. Ena a ife tinkagwedezera mutu, poti imeloyo sitinaionepo n'maso.

Dorica, mayi wa makina anayi osokera, anaimvanso mphekeserayi. Chaka chimenecho anthu ankangothamangira makuponi a feteleza, wosoketsa zovala panalibe. Matelala ake awiri anamuuza poyera: "Mwezi uno ukatha popanda ntchito, ife wa ku Joni." Akapita amenewo, shopu yatsekedwa.

Ndiye Lachitatu anakwera minibasi wa ku Boma, limodzi ndi amuna ake a Tobias, odziwa zonse koma osasoka ngakhale batani. Analowa kwa Feggie, mayi wa makompyuta, kuti awalembere imelo yopempha ntchito kukampani ija.

"Muyambe ndi moni," anatero Dorica. "Muwafunse kunyumba, ana, mvula."

"Achemwali," anatero Feggie, "bwana ali ndi maimelo handiredi. Akafika pa mvula, wafufuta kale."

"Lembani kuti ndi mdzukulu wa amanijala!" anatero a Tobias.

"Manijala wake dzina ndani, alamu?"

A Tobias anayamba kuyang'ana kudenga.

Feggie analemba m'Chingerezi, mwachidule. Pamutu: maovololo a antchito, osokedwa ku Nkhamenya. M'munsi: Dorica ndi ndani, amasoka makumi asanu pa sabata, anasokerapo masukulu awiri, akupempha mphindi khumi adzaonetse chitsanzo. Anamatapo zithunzi ndi mitengo, nambala ya foni kumapeto. Netiweki inakwawa, Dorica thukuta kamukamu, kenako imelo inapita.

Kunyumba anayamba kudikira. Foni ankagona nayo, kuphika nayo, kutchalitchi ili m'chitenje. Sabata yathunthu, zii. Matelala anayamba kufunsa za basi.

"Ndinanena ine," ankatero a Tobias. "Mdzukulu."

Lachisanu la sabata yotsatira Dorica anabwerera kwa Feggie, maovololo awiri ali m'jumbo, kuti alembenso, ndipo ulendo uno bodza la mdzukulu lilowe.

"Kodi bokosi lanu munatsegulako?" anafunsa Feggie.

"Bokosi liti? Si inu mumasunga makalata ngati ku positi?"

Feggie anagwira pakamwa. Dorica anafukula kapepala ka pasiwedi, anatsegula. Yankho linali momwemo, lagona masiku asanu ndi atatu: bweretsani chitsanzo ku ofesi yathu ya pa Boma Lachisanu la sabata yamawa isanakwane 12 koloko. Wotchi yapakhoma inkati 11:40.

Dorica anadumphira pa kabaza ngati mtsikana. A Tobias anatsala atanyamula ambulera.

Anafika kwatsala mphindi zinayi. Wogula katundu wa kampani, mayi wa magalasi, anatembenuza ovololo, anakoka msoko, anakokanso. Sunathothoke.

"Tiyambe ndi makumi anayi. Akakhala onse chonchi, tidzakambanso."

Matelala aja ku Joni sanapite.

Za mbale wa bwana zija linali bodza. Mayi wa magalasiyo ngwa ku Nsanje, kuno alibe mbale, ndipo imelo ya Dorica anaiwerenga tsiku lomwe inafika.