Sikelo ya a Fagness ndi Soya Pisi Zophika

Pa Golomoti palibe amene anawapusitsapo a Fagness pa nkhani ya sikelo. Zaka khumi ndi zisanu akhala m'mbali mwa msewu, kugula thonje ndi chitowe, kugulitsa mbewu pakasikelo ka batire koyeza magalamu. Mlimi wowaza madzi m'thonje kuti lilemere ankamuzindikira asanatsitse n'komwe thumba panjinga. Sukulu analekezera Sitandade 8, koma masamu ankawakonda ngati ndiwo zamchere, ndipo kunena zoona ankadzimva nawo.

Tsoka sasimba. M'mwezi wa Okutobala amuna awo, a Alfred, anapsa mwendo wakumanzere uvuni wa njerwa utawagumukira. Anagona m'chipatala masabata atatu. Potuluka, adokotala anawauza a Fagness mosapsatira mawu kuti bala lotere limadya thupi. Kuwonjezera pa zakudya zina, wodwalayo azidya magalamu 200 a nyama yophika tsiku lililonse, ya ng'ombe kapena ya nkhuku, kuti apeze mapuloteni, zomanga thupi zija. Bala likakana kutseka n'kulowa pansi, mwendo ukhoza kudulidwa.

Nyama tsiku ndi tsiku, pa Golomoti? A Fagness anatenga paketi ya soya pisi m'golosale n'kuwerenga kuseri kwake: mapuloteni magalamu 50 pa 100 aliwonse. Pakapepala ka kuchipatala nyama inali ndi pafupifupi 30 basi. Anaseka okha mumsewu. Ngati soya ali ndi mphamvu pafupifupi kawiri, ndiye kuti theka likwana. Tsiku lililonse ankaviika, kufinya, kukazinga ndi tomato, kenako n'kuyeza magalamu 100 a zophikazo osaphonya.

Sabata yachiwiri bala silinasinthe. Yachitatu m'mphepete mwake munayamba kuda, ndipo ntchentche zinadziwa khomo. Lamba wa a Alfred anabooledwa bowo lina. A Fagness mantha anawagwira, koma ankayang'ana kwina: mwina kutentha kwa kuno, mwina ufiti wa mnzawo wina woumba naye njerwa a Alfred, amene sanabwere kudzazonda. Masamu awo okha ndiwo sanawakayikire.

Lachinayi masana kunabwera a Monica, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Atamasula bandeji anayang'anitsitsa balalo.

"Akudya chiyani bambowa?"

A Fagness anafotokoza monyadira, paketi ili m'manja.

"Mumayeza zouma kapena zophika, mayi?"

"Zophika. Munthu amadya zouma ngati?"

"Tabweretsani sikeloyo."

A Monica anayeza magalamu 100 a zouma, n'kuziviika m'madzi otentha. Tizidutswato tinatupa m'mbale. A Fagness atafinya pang'ono monga amachitira masiku onse n'kuikanso pasikelo, manambala anathamanga mpaka kuima pafupi ndi 300.

"Mwaona? 50 wapapaketiyo ndi wa zouma," anatero a Monica. "Madzi awonjezera kulemera, sanawonjezere mapuloteni. 50 yemweyo tsopano wamwazika m'magalamu 300. Mukatapapo 100, mwatapa 17 basi. Nyama ndiye imachita zosiyana, ikamapsa imataya madzi, n'chifukwa chake yophika imafika cha m'ma 30. Magalamu 200 amene ananena adokotala anayenera kuwapatsa pafupifupi 60. Inu mwakhala mukuwapatsa 17."

A Fagness anayang'ana soya wonyowayo pasikelo. Iwo amene ankabweza thonje lonyowa pamaso pa msika wonse, masabata onsewa akhala akuyezera amuna awo madzi. Manyazi anabwera, koma chisoni ndicho chinawakhalitsa pansi.

"Ndiye soyayu ndi wabodza?"

"Ayi, soya ndi chakudya chabwino ndithu. Mukanayeza 120 zouma musanaviike, n'kuonetsetsa kuti zonse zadyedwa, mukanafikapo. Komanso musadziphe nazo. Balali lalowa tizilombo, si chakudya chokha chachititsa. Kungoti thupi linalibe chomenyera nkhondo."

"Ndiyamba lero lomwe. Nkhuku ndigula, soya ndiwonjezera."

"Yambani. Koma apa pafika pena, sipofunikanso kudikira mphika. Mupeze galimoto dzuwa lisanapendeke, mubwerere kuchipatala."

"Akaudula?"

A Monica anayamba kukulunga bandeji yatsopano. "Akaona adokotala."

A Alfred anali atamva zonse ali gone pamphasa, maso ali kudenga. Sanakalipe, ndipo a Fagness akanakonda akanakalipa. Mayiwo analowa kuchipinda n'kuyamba kuponya m'chikwama chitenje, sopo, kapu, buku la kuchipatala. Atawerama kuti atenge nsapato pansi pa bedi, anamva mawu a amuna awo, otsika, ngati akufunsa za mvula.

"Mayi a Tadala, nsapatozo mutenga zonse ziwiri?"