Chachikulu Pamwamba

Bwana wathu wa pulojekiti ya mtedza ku Ntchisi ndimadana nawo mpaka lero, ndipo sindibisa. Chaka chimene mbewu inafika mochedwa, anauza a kulikulu ku Lilongwe kuti ine, woyang'anira alangizi, ndinazengereza kuitanitsa. Kontirakiti yanga inali pafupi kutha. Anandiuza akumwetulira kuti aona ngati n'koyenera kuiwonjezera.

Kenako kunabwera akatswiri odzaunika pulojekitiyo. Anayenda m'midzi, anafunsa alimi, anafukula mafayilo, n'kusiya lipoti lonenepa ngati njerwa. Bwana analiponya padesiki panga.

"Mayi, mulembe chidule chake. Masamba awiri basi. Akuluakulu alibe nthawi."

Kalembedwe ka chidule anandiphunzitsa ndi iwo omwewo, mwachipongwe. Tsiku lina anandibwezera pepala pamaso pa anzanga, litafiira ndi bolopeni, amvekere, "Iyi si nthano yakumudzi. Chachikulu pamwamba!" Pansi pake pazibwera zina zimene zapezeka, chilichonse ndi umboni wake ndi nambala ya tsamba, pomaliza zoyenera kuchita ndi woti azichite. Zam'mutu mwako osaikamo.

Ndinaliwerenga lonse. Chakumapeto, kumene maso a bwana aliyense safika, akatswiri analemba mwaulemu kuti pempho la mbewu linapita nthawi yabwino, koma linagona mu ofesi ya mkulu wa pulojekiti, bwana wathu yemweyu, mpaka mvula inaononga misewu. Ndinaseka ndekha ngati wamisala.

Ndime yoyamba ndinalemba kuti zokolola zinachepa chifukwa mbewu inachedwa, ndipo inachedwera mu ofesi imeneyo. Tsamba lake ndinalitchula. Zabwino sindinazibise ayi, makalabu a alimi anali olimba ndithu, ndipo ndinatero. Sindinafune kuwapatsa pothawira ponena kuti ndakondera.

"Muonemo kaye, bwana," ndinatero powapatsa.

Foni ili kukhutu, galimoto ikulira panja kudikira kuwatengera kumsonkhano ku Mponela. Anayang'ana timitu ta ndime tokha, n'kuwerenga masamba kuti ndi awiridi.

"Eya, tsopano mwayamba kumva. Tumizani."

Ndinatumiza msangamsanga asanasinthe maganizo.

Tinakumana ndi a kulikulu ku Dowa Boma sabata yotsatira. Mayi wamkulu wa kulikulu, nawonso munthu wotanganidwa, anawerenga mokweza ndime yoyamba yokha, n'kuvula magalasi, n'kuyang'ana bwana.

"Bambo, chidule ichi munachiona?"

Akanati ayi, ndiye kuti amavomereza zinthu osawerenga. Akanati inde, ndiye kuti avomera mlandu. Anatsegula botolo la madzi, n'kulitsekanso osamwa. Chisoni sindinamve ngakhale pang'ono, ndinakumbukira mmene ndinkayendera chozolika pamaso pa alangizi anga chifukwa cha bodza lawo.

Pa nthawi ya tiyi anandipeza pakhonde.

"Mayi, zimene zija munaikiranji poyambirira?"

"Chachikulu pamwamba, bwana."

Kontirakiti yanga inawonjezeredwa mwezi womwewo. Amene anasaina anali munthu wina, atakhala pampando wa bwana uja, ndipo anayamba waiwerenga yonse.